Kunjenjemera kwa kamera kuja kwatha

"Wosewera akathamanga kwambiri, kamera yomutsatira imanjenjemera, ndichite chiyani?" Limeneli ndi funso lomwe ndinafunsa lija, lokhudza masewera a pakompyuta omwe ndikupanga ndi pulogalamu ya Unity.

Vuto linali nthawi. Mu Unity, Rigidbody2D, yomwe imayendetsa wosewera, imasuntha mu FixedUpdate ka 50 pa sekondi, pamene kamera inkasuntha pa chithunzi chilichonse, ka 60. Choncho pa zithunzi zina wosewera amakhala ataima koma kamera ikuyendabe. Chizindikiro chake n'chakuti wosewera yekha ndi amene amanjenjemera, pomwe malo akumbuyo amaoneka osalala.

Ndasintha Interpolate ya wosewerayo kuchoka pa None kupita pa Interpolate kuti kayendedwe kake kazisalala pa chithunzi chilichonse, kenako kamera ndayiyika mu LateUpdate, yomwe imachitika kumapeto kwa chithunzi chilichonse. Ena anandiuza kuti ndiyike kamera mu FixedUpdate. Ndinayesa, koma kunjenjemera kunangosamukira kumalo akumbuyo.