Mzere wa masitaki awiri ukuumitsa foni, ndikaukonza ukusokoneza ndondomeko

Chikondi: Anzanga thandizeni, mutu wazungulira. Ndalandira pulogalamu ya pafoni ya kopaletivi ina ya mpunga cha ku Lifuwu, amene anailemba anachoka osasiya ndi kapepala komwe. Kalaliki akayeza thumba, rekodi imalowa pamzere kudikira netiweki, netiweki ikabwera pulogalamu imatulutsa zonse n'kutumiza ku seva pakamodzi. Mzerewo anaupanga ndi masitaki awiri. Nthawi yokolola ino marekodi akumafika 10,000 ndipo foni ikumangouma. Khodi yake ndi iyi:

```js
function dequeue() {
  while (inbox.length) outbox.push(inbox.pop());
  const x = outbox.pop();
  while (outbox.length) inbox.push(outbox.pop());
  return x;
}
```

Ndachotsa `while` wachiwiriyo, liwiro labwera, koma tsopano seva ikukana marekodi ena ati malipiro afika thumba lake lisanalembedwe. Si paja amati njira imeneyi ndi O(1)? O(1) wake ali kuti? Lolemba akufuna kulipira alimi.

Yamikani: O(1) wa pabolodi ameneyo. Masitaki awiri ndi funso la pa intavyu, osati zoika m'manja mwa kalaliki. Chotsa zonsezo, ika `head` pa arey imodzi, uzingomusuntha. Basi.

Tadala: Foni kuuma ndiye kuti sitaki yasefukira eti? Ine zinandichitikirapo fankishoni ikudziitana yokha. Taona ngati pakutuluka `Maximum call stack size exceeded`.

Chikondi: Ayi achemwali, si sitaki imeneyo. Palibe chikudziitana apa, ndi maarey awiri chabe, `push` ndi `pop`.

aMwale: Chikondi, mavuto ako ndi awiri ndipo mankhwala ake ndi mzere umodzi wa khodi. Tiyambe ndi kuumako. Khodi yakaleyo, pamzere pakakhala marekodi k, imawasamutsa onse k kupita ku `outbox`, n'kutulutsa imodzi, kenako n'kubweza otsalawo, k − 1. Ukaphatikiza zimenezi kuyambira k = n kutsika mpaka 1, yankho lake ndi n² ndendende. Pa marekodi 10,000 ndiye kuti kusamutsa ka 100,000,000, zonse pa ulusi womwe ukujambula sikirini. Foni ya kalalikiyo siinalakwe kanthu.

Zosokonekerazo zabwera chifukwa `while` woyamba akuthirabe nthawi iliyonse, ngakhale mu `outbox` muli kale zinthu. Tayesa ndi manja. Lowetsa A, B, C. Ukatulutsa koyamba, onse atatu akuthiridwa mozondoka, A akukhala pamwamba ndipo akutuluka, bwinobwino. Mwatsala B pamwamba, C pansi. Tsopano kalaliki walemba D. Ukatulutsanso, D akuthiridwa pamwamba pa B, ndiye akutuluka iye B asanatuluke. Ngati B linali thumba, D malipiro ake, ndi zomwe seva ikukanazo. Usathire pokhapokha `outbox` ikhale yopanda kanthu:

```js
function dequeue() {
  if (outbox.length === 0) {
    while (inbox.length) outbox.push(inbox.pop());
  }
  return outbox.pop();
}
```

Ukatero, rekodi iliyonse imagwiridwa kanayi kokha moyo wake wonse: kulowa mu `inbox`, kutulukamo, kulowa mu `outbox`, kutulukamo. Sibwereranso m'mbuyo. Marekodi 10,000 ndiye kuti `push` ndi `pop` zonse pamodzi 40,000, kaya alowa motani, kaya atuluka motani.

Yamikani: Pepani aMwale, koma tisanamizane. Mu `inbox` muli 10,000, `outbox` ilibe kanthu, ndaitana `dequeue` kamodzi. Yasamutsa angati? 10,000. Ameneyo ndi O(n), palibe kuchitira mwina.

aMwale: Palibe akukana, kuitana kumodziko ndi O(n). Koma funsa kuti zikatero chikutsatira n'chiyani. Kuitana 9,999 kotsatira kulibe chosamutsa ngakhale chimodzi, ndi `pop` yekha. Ndipo kuti kusamutsa kwakukulu kuchitikenso, pakufunika munthu alowetse kaye marekodi ambiri, limodzilimodzi, pamtengo wotchipa. Ukhoza kuwerengera chonchi: rekodi ikamalowa uilipiritse makobidi atatu. Limodzi ligwire ntchito pa `push` yolowera, awiriwo akhale nayo m'thumba. Tsiku losamuka, `pop` ndi `push` zake ilipira yokha ndi awiri aja. Wotulutsa amangolipira limodzi la `pop` yomaliza. Ngongole palibe. Amotaizidi ndi zimenezo, ndipo sizinayambe dzulo, Robert Tarjan anazilongosola kale mu 1985.

Tadala: Ndiye kuti ndi avareji basi, nthawi zambiri zimayenda bwino, mwa apo ndi apo tsoka?

aMwale: Pang'ono mwayandikira, koma tsoka mulibemo. Avareji yomwe mukunenayo imadalira kuti deta ibwera mosakanikirana bwino, monga timanenera pa `quicksort`. Apa ngakhale munthu atachitira dala kusanja zolowa ndi zotuluka kuti akuvutitseni, mukayambira pamzere wopanda kanthu, ntchito m zilizonse sizingadutse masitepe 3m. Ndi malire otsimikizika pa ntchito zonse pamodzi. Chomwe simunalonjezedwe ndi liwiro la ntchito imodzi payokha.

Yamikani: Ndi zomwe ndikunenazo. Kalaliki saona "zonse pamodzi", amaona batani lomwe wadina. `head` alibe tsiku loipa.

Mussa: Moni nonse kuchokera kuno ku Nkhotakota. Yamikani, `head` wakoyo ali nalo tsiku loipa, ndinaliona ndi maso. Tinali ndi kachipangizo kolemba kutentha kwa firiji yosungira nsomba, wolemba khodi anachita zomwezo, kusuntha `head` osachotsa zakumbuyo. Arey inangokulirakulira mpaka memole kutha, usiku, nsomba zili m'kati. Atati akonze, anaika `splice` yodula zakale zikachuluka. Nanga kudulako si O(n) ya apo ndi apo? Wabwerera pomwe ukuthawa.

Koma Chikondi, ine mantha anga ali pena. Netiweki ya kunyanja kuno ukuidziwa, imabwera n'kuchoka uli pakati potumiza. Wachita `dequeue`, kutumiza kwalephera, rekodi ija uipititsa kuti? Ambiri amangochita `enqueue`, ndiye ikupita kumchira, thumba likufikanso mochedwa kuposa malipiro ake. Bwezera pamwamba pa `outbox`, ndipo ngati unatulutsa ambiri uwabweze kuyambira womaliza. Chabwino koposa, suzumira kaye ndi `peek`, uchotse seva ikavomera. Ndipo `peek` naye ayenera kuthira `outbox` ikakhala yopanda kanthu, apo ayi azikuuza kuti mzere watha pomwe `inbox` yadzaza.

Chikondi: Iii, za `peek` ndiye zilipodi, akungowerenga `outbox[outbox.length - 1]`. Pa khodi yakale ankawerenga `inbox[0]`, ndinasintha ndine dzulo. Ndipo chiwerengero cha "odikira" pasikirini chikutenga `inbox.length` yokha.

aMwale: Phatikiza ziwirizo. Kalaliki akaona 0 pomwe mu `outbox` muli marekodi ambirimbiri, azimitsa foni n'kupita kwawo.

Mussa wandikumbutsa msampha wina, uwu ndi umene umagwira ngakhale odziwa. Ena pofuna kuthana ndi kulephera kwa netiweki amasunga chithunzi cha mzere asanatulutse, kuti zikakanika abwezeretse. Taganiza: chithunzicho chili ndi 10,000 mu `inbox`. Watulutsa, wasamutsa onse, kutumiza kwalephera, wabwezeretsa chithunzi. Kuyesanso, kusamutsanso 10,000. Makobidi awiri aja anadyedwa ulendo woyamba, tsopano ukuwononga zomwe sunasunge. Kuyesa ka 50 ndi kusamutsa ka 500,000 rekodi ngakhale imodzi isanapite. Chitsimikizo chija chimagwira ngati mzere ukungopita kutsogolo. Amene amalemba Haskell kapena OCaml, komwe mzere umapangidwa ndi malisiti awiri osasinthika, amalidziwa bwino vuto limeneli, pakuti kugwiritsanso ntchito mzere wakale kumeneko n'kosavuta. Ngati sitoo ya pulogalamu yako imasunga mbiri ya `state`, uyang'ane.

Yamikani: Mwaona? Misampha inayi kale pa kanthu ka mizere isanu. Ringi bafa, `head` ndi `tail`, nkhani yatha.

Mussa: Ikadzaza?

Yamikani: Uikulitsa kawiri.

Mussa: N'kukopera zonse. Amotaizidi yemweyo, achimwene.

Yamikani: Ukaipatsa kukula kokwanira poyamba sikopera chilichonse. Marekodi a nyengo imodzi akudziwika.

aMwale: Apo Yamikani akunena zoona, ndipo pali malo omwe ine ndingamutsatire osatsutsa. Ngati ntchito iliyonse ili ndi nthawi yake yosadutsa, monga mawu a pa kolo kapena kachipangizo kowerenga sikelo mosalekeza, kudumpha kumodzi kwa O(n) kukhoza kutayitsa deta, ndipo bafa ya kukula kokhazikika ndi yoyenera. Koma kwa Chikondi kudumphako ndi kusuntha mapointa 10,000 kamodzi, si kukopera marekodi enieniwo. Poyerekeza ndi kudikira seva iyankhe, kalaliki sazindikira n'komwe. Osalemba zonse mwatsopano Lolemba lili pakhomo. Ndiponso `push` amene tonse tikumuwerenga ngati sitepe imodziyo, pansi pake arey ikadzaza imakula n'kukopera. Naye ndi amotaizidi, timangokhala osamufunsa.

Ukafuna kudziwa ngati zakonzeka usadalire wotchi, foni zimasiyana. Ika kauntala m'kati mwa `while`, lowetsa 1,000 utulutse onse, kenako 2,000. Kauntala ikawirikiza kawiri zili bwino, ikawirikiza kanayi n² akadalipo penapake. Za ndondomeko, yesa mosakaniza, kulowetsa ndi kutulutsa mosinthanasinthana, ufanizire ndi arey wamba ya `shift()`. Mayeso olowetsa zonse kenako kutulutsa zonse sangagwire vuto la D ndi B lija.

Tadala: Funso langa mwina ndi lopusa, koma batire ikatha marekodi ali m'maarey amenewa zimatha bwanji? Kumudzi kwathu magetsi akazima anthu amatchaja kwa wa sola, foni imagona yozima.

Mussa: Si lopusa, limeneli ndiye funso. Chikondi, zimasungidwa pati?

Chikondi: Pa `enqueue` iliyonse akuchita `JSON.stringify(inbox)` n'kusunga. `outbox` sakuisunga, poti kale inkakhala yopanda kanthu nthawi zonse.

Mussa: Mayo ine. Ndiye ukangoika `if` uja osakonza izi, pambuyo pothira kalaliki akalemba thumba limodzi, zosungidwazo zifufutidwa ndi `inbox` ya rekodi imodzi, ndiye foni ikazima za mu `outbox` zatayika. Alimi adzakupeza kunyumba. Usunge zonse ziwiri, ndipo ngati ukuziphatikiza, `outbox` yozondotsa ikhale patsogolo, `inbox` pambuyo.

aMwale: Komanso kulemba mzere wonse pa rekodi iliyonse ndi n² winanso, wolemera kuposa woyamba uja chifukwa akukhudza disiki. Kunena zoona marekodi a ndalama malo ake ndi tebulo la SQLite, `ORDER BY id`, kufufuta seva ikavomera. Koma imeneyo ndi ntchito ya pambuyo pa malipiro.

Yamikani: Ndiye pamapeto pake masitaki awiriwo akuchoka ndithu.

Mussa: Ringi bafa yakonso ikuchoka limodzi. Chikondi, mafoni amene ali kale kumunda ali ndi marekodi osatumiza, uwasamutsa bwanji ukamasintha kasungidwe? Ndipo seva ikalandira rekodi imodzi kawiri imatani, ili ndi nambala yozindikirira?