Apu ikuti dalaivala wafika koma sindikumuona: DiDi ku Guangzhou

Wa nsapato, Kawale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sabata yamawa ndikubwereranso ku Guangzhou kukaoda katundu. Ulendo watha ndinavutika ku Sanyuanli. Ndinali ndi makatoni anayi, ndaitana galimoto pa DiDi, apu ikuti dalaivala wafika, ine maso kumsewu osamuona. Anandiimbira, Chitchaina chokhachokha, kenaka analemba 对面. Galimoto ziwiri zinandisiya choncho, dzuwa likundiwotcha pamakatonipo. Ndinkalakwitsa pati?

Wa zida za foni, Bwalo la Njobvu: Asisi, 对面 ndiye kuti tsidya lina la msewu. Munthuyo anafikadi, koma anafika pamene munaloza pamapu, osati pamene munaima. Ndifunse: munaitana galimotoyo muli mkati mwa msika?

Wa nsapato, Kawale: Eya achimwene, ndinali pashopu pomwe amamanga makatoni. Ndimati ndikamatuluka ndiipeze yafika.

Wa zida za foni, Bwalo la Njobvu: Vuto ndi lomwelo. Mkati mwa nyumba zazitali zija foni siidziwa bwino pamene muli, kadontho kanu kamatha kugwera kuseri kwa nyumba kapena kutsidya. Kuno mungangowoloka, koma misewu yambiri ya kumeneko ili ndi mpanda wachitsulo pakati. Inu simungadutse ndi makatoni, nayenso dalaivala kuti akatembenuke ndi ulendo. Kumbukiraninso kuti iwo amayenda kumanja, ife kumanzere, ndiye mutha kumayang'ana mbali imene galimoto siichokera.

Ine ndimatuluka kaye ndi katundu yense, ndikuwerenga chikwangwani cha pageti. 东门 ndi geti la kum'mawa, 西门 kumadzulo, 南门 kummwera, 北门 kumpoto. Ndikatero ndimasuntha chizindikiro pamapu mpaka chikhale pa kadontho kobiriwira kamene apuyo imaonetsa pafupi ndi getilo. Timadonthoto ndi malo amene madalaivala amanyamulirapo anthu nthawi zonse, ndipo dzina lake amaliona m'Chitchaina pafoni yawo. Ngati kadonthoko kali mamita 50 kuchokera pamene mwaima, yendani inuyo, musakakamize galimoto kuima poletsedwa.

Wa makatani, Biwi: Ine ndimangotsegula Google Maps, kuona pamene ndili, kenaka kuloza pomwepo mu apumo. Komanso mawu a dalaivala mutha kuwakopera kukamasulira kwina.

Wa zida za foni, Bwalo la Njobvu: Zokopera mawuzo nzoona, mayi, koma Google ku China ndi yotsekedwa, ndipo ikatseguka mapu ake satsatana bwino ndi pamene mwaimadi. Gwiritsani mapu a mu DiDi momwemo. Za kumasulira, mukaika apuyo pa Chingerezi, meseji ya dalaivala imamasuliridwa pomwepo, yanunso imamufika m'Chitchaina. Ndiye akaimba, musalimbane naye pafoni, dulani mulembe. Lembani chiganizo chimodzi chachifupi: geti lakuti, makatoni anayi. Mukachulutsa nkhani kapena kufupikitsa mawu ngati pa WhatsApp, zimamufika zosamveka. Mawu ena ingowazolowerani maonekedwe: 我到了 akuti ndafika, 你在哪里 akufunsa kuti muli pati.

Wa zitenje, Chilinde: Ine ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, sindivutika. Dalaivala wa Bolt akalemba nimefika ndimayankha nakuja, basi. Phunzirani chilankhulo chawo pang'ono, asisi.

Wa nsapato, Kawale: Chiswahili ndi chapafupi ndi chathu, achemwali, mumachiwerenga. Uku ngakhale chilembo chimodzi sindichitchula. Achimwene, nanga tsiku lina nditakwera, dalaivala sanayambe kuyenda, amangobwereza mawu amodzimodzi akuloza foni. Amafuna chiyani?

Wa zida za foni, Bwalo la Njobvu: Amafuna 尾号, manambala anayi omaliza a foni imene munalembetsera apuyo, kuti atsimikize kuti wanyamula mwini wake. Alembeni pakapepala muzingomuonetsa. Nanunso musanakweze katundu onani nambala ya galimoto. Za ku Guangzhou zimayamba ndi 粤A, ndiye musadalire poyambirapo, fananizani zilembo zakumapeto ndi zimene zili mu apu.

Wa makatani, Biwi: Pa nambalapa ndiye mundiuze. Ine ndinalembetsa ndi ya kuno, sanandiimbirepo, amangolemba, ndipo ndimaona kuti nzabwino choncho.

Wa zida za foni, Bwalo la Njobvu: Ine ndimagula simu ya komweko. Akakusowani, mutha kupereka foni kwa mlonda wa pageti alankhulane okhaokha, nkhani imatha msanga.

Wa makatani, Biwi: Kwa masiku asanu okha, kukaima pamzere ndi pasipoti kulembetsa simu? Ine ayi.

Wa nsapato, Kawale: Yanga ya ulendo watha ndikadali nayo, ndikaona ngati ikugwirabe. Koma makatoni anayi aja salowa m'buti ya galimoto yaying'ono. Alipo anayesapo kusankha ya mipando 6?