Za ngodya zoyang'anizana zija, ndachipeza chifukwa chake

Ndinafunsa kuti: "Chithunzi cha mbali zinayi chikakhala ndi nsonga zonse pa mzere wa seko, n'chifukwa chiyani ngodya zoyang'anizana zimakwana madigiri 180?"

Zikomo nonse amene munayankha. Aphunzitsi athu a masamu kuno ku Luchenza anandifotokozeranso, ndipo tsopano zamveka.

Nsongazo tizitche A, B, C ndi D motsatana, kuti B ayang'anizane ndi D, ndipo pakati pa seko pakhale O. Jambulani mizere OA ndi OC. Nkhani yonse yagona pa lamulo loti ngodya ya pakati imakhala kawiri ya imene ili pa mzere wa seko, ngati zonse zayang'ana chigawo chimodzi cha sekoyo. B wayang'ana chigawo chimene kuli D, pomwe D wayang'ana chimene kuli B. Zigawo ziwirizi zikutseka seko yonse, choncho ngodya ziwiri za pa O zikukwana madigiri 360. B ndi D aliyense akutenga theka la yake, ndiye pamodzi akupanga 180.

Tiyese ndi manambala. Ngati ngodya AOC ya mbali ya D ndi 140, B ndi 70. Yotsalayo pa O ndi 220, choncho D ndi 110, ndipo 70 kuphatikiza 110 ndi 180.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa 220 paja. Amaikayikira chifukwa yaposa 180, n'kutenga 140 kawiri. Mukapeza B ndi D ali 70 onse, dziwani kuti mwatenga ngodya yolakwika pa O. Onetsetsaninso kuti nsonga zonse zinayi zakhudzadi seko, chifukwa imodzi ikagwera mkati kapena kunja lamuloli siligwira.