Za makalasi awiri aja: zotsatira zatuluka

“Sitingachite maere pogawa ana. Sitandade 6A yaphunzira ndi njira yatsopano, 6B ndi yakale. Ndifananize bwanji?”

Ndinafunsa choncho, ndipo ndinamvera uphungu wanu: ndinabwerera ku mayeso oyambirira. Ndikanangoyang'ana omaliza, 6A inapeza avareji ya malikisi 62, 6B 50, ndikanadumphadumpha ndi chimwemwe. Koma 6A inayambira pa 48, pomwe 6B inayambira pa 41. Choncho 6A yakwera ndi 14, 6B ndi 9. Phindu la njirayo mwina ndi 5 yokha, osati 12.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi: ana ochenjera kale amatha kukwera msanga ngakhale popanda njira yatsopano. Ndiye ndafukula malikisi a chaka chatha kuti ndione ngati makalasiwa ankakwera mofanana.