Lita imodzi ya petulo ndi mayunitsi angati? Ndigule jenereta kapena ayi?

Wagolosale wa ku Lunzu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Magetsi akathima, nkhuku za mufiriji mwanga zimayamba kufewa, ndipo sabata yatha ndinataya zina zitasintha fungo. Ndapeza jenereta ya petulo yolembedwa 2.5 kW, ndipo wogulitsa akuti lita imodzi ili ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi 9 a pamita. Ngati ndi zoona, ndiye kuti mafuta sangandipweteke kwenikweni. Kodi ndigule?

Nabanda: Achimwene, ine ndikuona ngati wogulitsayo wakunamizani. Pamakinapo alemba 2.5, choncho lita imodzi ikupatsani mayunitsi awiri ndi theka basi.

Makaniko wa majenereta: Mayi Nabanda, 2.5 kW ikunena za katundu amene makinawo angasenze pa nthawi imodzi, osati zimene lita imabala. Yuniti ya pamita ndiyo kWh, ndipo imatha mukayatsa zinthu za mawati 1,000 kwa ola lathunthu. Wogulitsayo sananame, koma wanena mbali imodzi yokha. Lita ya petulo ilidi ndi mphamvu pafupifupi 9 kWh, ndipo ya dizilo ili ndi pafupifupi 10 kWh, koma imeneyi ndi mphamvu ya kutentha imene imatuluka mafutawo akapsa. Jenereta ikamalira, yandikizani dzanja ku ekizozi kapena pa injini, mumva kumene mphamvu yambiri ikuthera. Kajenereta ka petulo kakasenza katundu wokwanira bwino, kamatulutsa yuniti imodzi ndi theka kapena mayunitsi awiri pa lita, ndipo zotsalazo zimatayika mumpweya wotentha. Bambo, mutiuze zimene mukufuna kulumikiza.

Wagolosale wa ku Lunzu: Firiji yolembedwa 150 W, mababu anayi a 10 W, ndi kanema amene amadya mwina 60 W.

Makaniko wa majenereta: Apo ndiye pagona nkhani. Zonsezo pamodzi ndi mawati 250, kutanthauza kuti mukufunika maola anayi kuti mumalize yuniti imodzi. Jenereta wamba imazungulira pa liwiro limodzi kaya yasenza zambiri kaya zochepa, chifukwa liwirolo ndi limene limasunga 50 Hz imene zipangizo zathu zimafuna, motero imamwa mafuta ngakhale musanalumikize kanthu. Makina a msinkhu umenewo amene ndimakonza amamwa pafupifupi theka la lita pa ola katundu akakhala wopepuka chonchi. Pa maola anayi mwawotcha malita awiri, amene munali mphamvu ya mayunitsi 18, koma inu mwapeza yuniti imodzi yokha, mwinanso yosakwana poti firiji imazima yokha ikazizira. Tengani mtengo wa malita awiri lero muufanizire ndi wa yuniti imodzi ya pamita. Zimandimvetsa chisoni kuona anthu akuzindikira zimenezi ndalama atalipira kale.

Dalaivala wa thiraki: Ndiye agule ya dizilo. Dizilo ndi wamphamvu kuwirikiza kawiri, ife pamsewu timadziwa.

Makaniko wa majenereta: Kuti dizilo amapita patali ndi zoona, achimwene, koma osati chifukwa cha mafuta okha. Kusiyana kwa 9 ndi 10 ndi kochepa. Phindu lalikulu limachokera ku injini, imene imapanikiza mpweya kwambiri isanawotche mafuta, n'chifukwa chake jenereta yaikulu ya dizilo yosenza bwino imafika mayunitsi atatu kapena kupitirira pang'ono pa lita. Koma kuigulira mawati 250 n'kuononga ndalama, ndipo injini ya dizilo ikamayenda nthawi yaitali yopanda katundu imaunjika mwaye ndi mafuta osapsa mu ekizozi.

Nangozo: Kwanga ku saluni ndinagula batire ya 12 V, 200 Ah ndi inveta. Anandiwerengera kuti imasunga 2.4 kWh, ndipo ndinakhumudwa kumva kuti chinthu cholemera chonchija sichifika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu a lita ya petulo. Anandichenjezanso kuti ndisamaitsitse kupyola theka. Komabe mababu ndi makina ometera zimandifikitsa madzulo. Chowumitsira tsitsi chokha ndi chimene chimaikanika.

Makaniko wa majenereta: Theka limenelo, pafupifupi yuniti imodzi, ndi lofanana ndi zimene bambowa angapeze pa malita awiri aja. Chofunika n'chakuti inveta ikhale yotha kupirira kudzuka kwa firiji, chifukwa kompuresa ikamayamba imakoka mphamvu kuwirikiza kangapo kwa kamphindi.

Wagolosale wa ku Lunzu: Ndamva, koma magetsi akathima tsiku lonse batire itha, pamene petulo ndikhoza kukagula ndi chigubu. Komanso nkhuku zimene ndinataya zija zinali za ndalama zoposa malita angapo.

Nabanda: Mukaupezatu petuloyo, achimwene.

Makaniko wa majenereta: Mfundo yanu ndi yomveka, bambo, ndipo firiji yosatsegulidwa pafupipafupi siifuna jenereta tsiku lonse, maola ochepa m'mawa ndi madzulo angakwane. Musanalipire, pemphani kuyesa makinawo: mudzaze thanki mpaka pamzere, mulumikize firiji yanuyo kwa ola limodzi panja pomwe utsi sungalowe m'nyumba, kenako mubwezeremo mafuta poyeza ndi botolo la theka la lita.

Wagolosale wa ku Lunzu: Mnansi wanga ali ndi yofanana nayo. Ndiibwereka Loweruka, ndipo ndidzakuuzani kuti alowa mabotolo angati.