Za Loweruka pakhomo pa mayi

Malume (Lizulu): Mwaswera bwanji nonse. Dzulo kunabwera nkhoswe ya kuchimuna pa nkhani ya mphwanga wotsiriza uja. Akuti mkamwini wathu wakadandaula kuti mkazi wake sakumuphikira, sakumupatsira madzi osamba, ndipo akamulankhula akungoyankha ndi mutu. Tapangana kukhala pansi Loweruka likudzali, 9 koloko m'mawa, pakhomo pa mayi anu. Ndikufuna ndidziwe amene abwere, komanso zimene tikanene.

Achimwene (Joni): Alamuwo anamumenya?

Malume (Lizulu): Ayi, za ndewu sindinamve.

Achimwene (Joni): Kapena apeza wina? Kapena ndalama ya ndiwo sakusiya?

Chitsirizira: Sanandimenye achimwene, za chibwenzi sindinamvepo, ndipo ya sopo ndi mchere amasiya. N'chifukwa chake ndimangokhala chete, chifukwa aliyense amandifunsa zitatu zomwezo, ndikati ayi, basi nkhani yathera pomwepo.

Mayi aang'ono (Dedza): Nanga mwanangu vuto n'chiyani? Mwamuna wosamwa, wosamenya, wogona pakhomo, anzako akumufuna ameneyo. Banja ndi kupirira. Kumana mwamuna nsima n'kochititsa manyazi, anthu aziti kwathu sitilanga ana.

Achemwali aakulu (Lilongwe): Mayi aang'ono, tamulolani afotokoze kaye. Iwe, lemba tsiku lako mmene limayendera, kuyambira podzuka. Usafupikitse.

Chitsirizira: Ndimadzuka 4 koloko kupita ku mjigo mzere usanatalike. Pakhomo pamafunika zigubu zisanu za malita 20, ndipo ndimasenza chimodzichimodzi, wakhanda ali kumbuyo. Ndikabwera ndikoleze moto, nditenthetse madzi a bambo ake, ndiphike phala, ndimusambitse wa sitandade 3 uja apite kusukulu. Kenako tonse awiri timapita kudimba. Mizere ya kachewere imene iwo apalira ndi yomweyo imene ine ndapalira, kuthirira timathirira limodzi. Dzuwa likafika pamutu timaweruka, iwo khasu paphewa, ine mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumsana, ndiwo m'manja. Tikafika iwo amasamba n'kukhala pakhonde kudikira nsima. Akadya amakwera njinga kupita ku bawo, kapena kukaonera mpira. Ine mbale, kuchapa matewera, kuchigayo ngati ufa watha, kuyanika mphale, kuphikanso madzulo. Usiku mwana akalira amandigwedeza kuti "mwana wako akulira."

Achemwali aakulu (Lilongwe): Mwamva? Kudimba ntchito n'njofanana, koma akaweruka wina wamaliza, wina akuyamba kumene.

Mayi aang'ono (Dedza): Tonsefe tinakula choncho. Ine ndinalera asanu ndi mmodzi.

Msuweni (Ntcheu boma): Zoona mayi, koma munali anayi pamudzi, inu, mayi aakulu, agogo ndi achemwali anu ena aja. Wina akapita kumadzi wina ankatsala ndi ana. Lero aliyense ali kutauni. Amene ankamugwirira ana mlongo wathuyu ndi mayi aakulu okha, ndipo chiyambire vuto la miyendo lija iwonso akudikira iyeyo kuti awatungire madzi. Ntchito imene ankagawana akazi anayi yatsalira mmodzi, pamene ya alamu sinasinthe.

Malume (Lizulu): Pamenepo wanena zoona. Koma mphwanga, zimenezi sizinayambe lero. Chinachitika n'chiyani kuti ufike posiya kuphika?

Chitsirizira: Wakhanda anatentha thupi usiku. Kutacha ndinawapempha kuti atipereke pa njinga kuchipatala, anati ali ndi munthu wodzagula kachewere. Ndinayenda wapansi ndi chisanu chija. Anamuyeza, anapeza malungo, ndinabwerako cha m'ma 3 koloko masana ndisanalawe kanthu. Ndinapeza mbale za dzulo zili pomwepo, mbuzi zikulira m'khola zosatsekuliridwa, wa zaka zinayi uja akudya chimanga chokazinga kwa aneba, zigubu zonse zili gwaa. Iwo ali pakhonde ndi wailesi. Mawu oyamba sanafunse kuti mwana ali bwanji. Anati, "Mwachedwatu, anthufe njala." A malume, mtima unangouma gwa. Ndinaphikira ana ndi mayi, mbale yawo sindinaikepo.

Achimwene (Joni): Eee. Zimenezo nkhoswe yawo sinanene?

Malume (Lizulu): Sinanene, mwina sanaiuze.

Chitsirizira: Chimene chikundiopsa si kutopa ayi. Ndi mmene ndasinthira. Ndikawaona akuseka ndi anzawo ndimapsa mtima popanda chimene alakwa nthawi imeneyo. Akandikhudza usiku thupi limakana. Dzana ndinamukalipira wamkulu uja mpaka kulira chifukwa anataya madzi theka la kapu, pamene amene ndamukwiyira si mwanayo.

Mayi aang'ono (Dedza): Ayi, zofika pa ana sizabwino. Chabwino, ine ndingatumize mdzukulu wanga wamkazi uja azikakhala nanu, azitunga madzi ndi kulera.

Achemwali aakulu (Lilongwe): Zikomo mayi, koma ameneyo ali sitandade 8, mayeso ali pafupi. Tikamutumiza ndiye kuti katundu tamuchotsa pa mkazi wamkulu n'kumusenzetsa mtsikana, alamu akadali pakhonde. Ndipo mkwiyowo sudzatha, chifukwa chimene chikumuwawa mng'ono wanga n'choti amene anabereka naye anawo saona kuti ntchitoyi ndi yakenso. Ine ndili ndi wantchito kuno, komabe ndinkakwiya, chifukwa wokumbukira tsiku la sikelo, yunifolomu yong'ambika, gasi watha, ndinali ine ndekha.

Achimwene (Joni): Ine kuno ndimadziphikira, ndimadzichapira, palibe chimene chinandichoka. Alamuwonso anakhalapo pa ganyu ku esiteti ya fodya, ankaphikiridwa ndi ndani? Kuphika amadziwa. Chimene akuopa ndi anzawo a pa bawo, kuti aziti anadyetsedwa khuzumule.

Msuweni (Ntcheu boma): Ndiye tisayambe ndi zimene zimaoneka kwambiri ngati za kukhitchini. Tikakati azitsuka mbale pabwalo anthu akuona, avomera pamaso pa ankhoswe, sabata imodzi asiya. Tiyambe ndi ntchito zolemera zimene mwamuna angagwire ndi njinga popanda womuseka.

Malume (Lizulu): Monga ziti? Nditchulireni zenizeni, chifukwa tikangoti "muzithandizana" aliyense awomba m'manja, Lolemba zonse zibwerera mwakale. Ndaziona kambirimbiri pa unkhoswe.

Achemwali aakulu (Lilongwe): Choyamba madzi. Chigubu cha malita 20 n'cholemera makilo 20. Iye amapita kasanu, pamene pa njinga munthu amamangirira ziwiri kapena zitatu, maulendo awiri wamaliza. Madzi akhale a alamu, onse, a pakhomo pa mayi omwe. Chachiwiri chigayo: kukakonoletsa ndi kukagayitsa azipita ndi iwo, iye azingonyika ndi kuyanika. Chachitatu nkhuni.

Chitsirizira: Nkhuni ndingamatole ndekha pochokera kudimba ngati madzi achoka pa ine. Chimene ndikufuna kwambiri ndi ana. Mwana akadwala tizipita tonse, kapena iwo atsale ndi enawo, awaphikire ngakhale phala. Ndiponso madzulo ndikamaphika azimunyamula wakhanda, osati ndizivundula nsima mwana ali kumsana, utsi ukumulowa m'maso.

Msuweni (Ntcheu boma): Kusikelo azaumoyo amalimbikitsa kale kuti abambo azibwera, ndiye sadzakhala woyamba kuonekako.

Achemwali aakulu (Lilongwe): Chinanso a malume, mukanene momveka kuti ntchito ikakhala yawo ndi yawo yonse. Ngati iye azichita kuwadzutsa, kuwakumbutsa, kuwatsukira zigubu n'kuwamangirira pa njinga, ndiye kuti akadali kuigwira yekha. Zigubu zikauma, woona akhale iwo. Nawenso mng'ono wanga, akamusambitsa mwana m'makutu n'kutsala sopo, usamulande. Ukangoti "simutha, bweretsani," wawapatsa pothawira.

Chitsirizira: Ndamva achemwali. Chimenecho ndiye chindivuta, koma ndiyesa.

Mayi aang'ono (Dedza): Koma musaiwale kuti mkamwini ali pamudzi pa eni. Mukamuunjikira nonse aona ngati tikumuthamangitsa, angonyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo. Komanso a kuchimuna adzafuna kuti mwana wathu apepese za nsima zija. Mwina mpaka nkhuku.

Malume (Lizulu): N'chifukwa chake sitikhala gulu. Mkati mukhala ine, nkhoswe yawo, eni ake awiriwo, ndi inu achemwali a ku Dedza ngati mayi. Ena mudikira panja. Za kupepesa sindikukana, kumana munthu chakudya si njira. Koma ndiyamba ndapempha kuti mphwanga afotokoze za tsiku la kuchipatala lija, iwo akumva, wina osamudula. Tikayamba ndi kupepesa, mlandu ukhala wa nsima, za madzi ndi ana sizimvekanso.

Achimwene (Joni): Muwafunsenso alamuwo kuti afotokoze okha zimene mkazi wawo amachita kuyambira 4 koloko. Muona pamene akakamire.

Msuweni (Ntcheu boma): Ndipo wina akanena kuti za pakhomo si ntchito chifukwa sizibweretsa ndalama, mumuuze kuti ngakhale lamulo la maukwati la 2015 limaziwerengera. Banja likatha, khoti pogawa katundu limaona ntchito za pakhomo ngati gawo limene munthu anaikapo.

Mayi aang'ono (Dedza): Iwe, za makhoti zabwera bwanji? Palibe amene akuthetsa banja pano. Mawu amenewo asakatuluke Loweruka.

Chitsirizira: Inenso sindikufuna kuti lithe. Ndikungofuna ndisamadane nawo.

Malume (Lizulu): Tamva. Zimene tikapangane tikazilemba papepala, mbali zonse zisunge. Pakatha mwezi ine ndi nkhoswe yawo tidzabweranso kudzaona, ndipo sindidzafunsa mkamwini, ndidzafunsa anthu a pa mjigo kuti akutunga ndani. Tsopano za ulendo. Abwera ndani?

Achemwali aakulu (Lilongwe): Ine ndinyamuka Lachisanu masana, ndidzawatenga mayi aang'ono pa Dedza, tidzagona kumudzi. Ana ndidzakhala nawo ine panja nthawi ya zokambirana, kuti iye alankhule wopanda mwana pamiyendo. Ndibweretsa shuga, mafuta ndi mpunga.

Achimwene (Joni): Ine sinditha kubwera. Nditumiza kangachepe kwa achemwali aakulu, pakhale thiransipoti ya a malume ndi ndiwo za alendo. Yotsala mugulire machubu ndi zingwe za njinga ija, pasadzakhale chonamizira.

Msuweni (Ntcheu boma): Ndikwera minibasi ya m'mawa, ndidzatsikira pa Lizulu kuti tidzapitire limodzi a malume. Kabichi ndi tomato ndidzagula pomwepo.

Mayi aang'ono (Dedza): Nanga mayi anu mwawauza? Foni yawo ilibe zimenezi. Asadzangoona anthu atulukira.

Chitsirizira: Ndiwauza madzulo ano ndikamakawapatsira nsima. Koma wophikira anthu onsewa Loweruka akhala ndani? Chifukwa ngati ndi ine, mkatimo ndilowa mochedwa.

Achemwali aakulu (Lilongwe): Iwe sukhudza mthiko. Ndiphika ine, msuweni adzatunga madzi.

Msuweni (Ntcheu boma): Zigubu zisanu zija? Chabwino, ndidzabwereka njinga ya alamu.