Pemphero la Yesu ndi mpweya, chifuwa chikumathina

Moni nonse abale ndi alongo, ndithandizeniko. Mutu wanga sukhala phee makamaka usiku, ndikangogona maganizo a ngongole ndi fizi ya ana amangobwera motsatizana mpaka tambala kulira. Mnzanga wa tchalitchi cha Orthodox anandiphunzitsa Pemphero la Yesu, kuti pokoka mpweya ndizinena mumtima "Ambuye Yesu Khristu, Mwana wa Mulungu" ndiye potulutsa "mundichitire chifundo ine wochimwa", anandipatsanso kachingwe kaubweya ka mfundo 33 kowerengera. Papita masabata atatu ndikuchita mamawa ndi madzulo nditakhala pa mkeka.

Koma ndikafika cha pa mfundo ya 15 chifuwa chimathina, mutu kuchita chizungulire ndipo ndimapezeka ndikusamala mpweya mawu aja ndawaiwala kalekale. Ndayesa kufupikitsa kuti "Ambuye Yesu, mundichitire chifundo", chifuwa chinamasukako koma maganizo kumangothawabe. Ndayesanso kunena mokweza, ana akudzuka. Mnzangayo anasamuka ndipo foni yake sikugwira.

Inu amene mumapemphera pempheroli, mawu azitsata mpweya wanga mmene ulili kapena ndizikoka wautali dala kuti chiganizo chonse chikwane? Nanga maganizo akathawa pakati ndiyambirenso mfundo yoyamba kapena ndingopitiriza pomwe ndili?